Pempho la Thandizo Pojambula Filimu Yaifupi ya "Nyale Imodzi"

Msaka,
Monkey Bay,
Mangochi.

9 Juni 2026

Kwa Mkulu Woona za Malonda,
Nthambi ya Nyale ndi Zipangizo za Sola,
Blantyre.

Wolemekezeka Mayi,

PEMPHO LA K17,000,000 NDI NYALE 40 ZOTHANDIZIRA FILIMU YA MPHINDI 15

Ndikulemba m'malo mwa gulu lathu la achinyamata ojambula mafilimu, kupempha kampani yanu kuti ikhale mwini thandizo wamkulu wa filimu yathu yaifupi ya "Nyale Imodzi". Filimuyi ndi ya m'Chichewa, ya mphindi 15, ndipo tikufuna kuijambula kuno ku Msaka mu Okutobala chaka chino.

Nkhani yake ndi iyi. Chisomo ndi mtsikana wa Sitandade 8, ndipo mayeso atsala milungu itatu. Bambo ake ndi siginala, munthu uja amatsogola yekha pa bwato usiku, nyale zili ngwee, kuitana usipa kuti alovi autchere ndi khoka la chilimira. Pakhomo pawo pali batire imodzi ndi nyale yabwino imodzi. Nyaleyo ikapita kunyanja, Chisomo sawerenga. Ikatsala pakhomo, m'mawa mayi ake alibe choyanika pa thandala, ndiye kuti ufa kulibe. M'banjamo mulibe woipa mtima, ndipo palibe amene akulakwa. Filimu yonse ndi ya usiku utatu wa mkangano wa nyaleyo, mpaka usiku umene bambo apalasa bwato kubwerera kudoko nthawi isanakwane.

Nkhaniyi sindinachite kuifuna patali. Ndinabadwira kuno, ndipo Sitandade 8 yanga ndinaiwerenga ndi koloboyi wopangidwa ndi chitini cha mankhwala ophera tizilombo, chingwe chake nsanza ya bulangete. M'mawa ndinkadzuka m'mphuno muli bii ndi mwaye. Ndikatuluka panja usiku kukatsitsimula maso, nyanja yonse inkakhala ngati tauni, nyale zili mbwee kuyambira pafupi ndi gombe mpaka kumene maso athera, pamene kumtunda kuno, kumene kuli ana ndi mabuku awo, kuli mdima wa ndiweyani. Chithunzi chimenecho chakhala m'mutu mwanga zaka zonsezi, ndipo ndicho chidzatsegule filimuyi.

Chimene tabwerera kwa inu osati kwina n'chakuti nyale zanu zili kale m'nyumba za anthu amene tikuwanenawa. Ndaziona pa msika wa Monkey Bay, ndaona amayi ogula usipa akuwerengera ndalama ndi nyale zanu m'mbandakucha padoko. Komabe ndinene poyera kuyambira pano: sitikupanga kanema wotsatsa malonda. Chisomo sadzatembenukira ku kamera n'kutchula dzina la kampani yanu, ndipo mathero a nkhani sadzakhala akuti wina wagula nyale basi mavuto atha. Anthu a kunyanja kuno amazindikira msanga akamagulitsidwa chinthu, ndipo amanyamuka n'kumapita. Koma akaona moyo wawo weniweni pa chinsalu amakhala mpaka pamapeto, n'kuyamba kutsutsana okhaokha za amene anayenera kutenga nyale. Nthawi imeneyo, mkangano uli mkati, ndi imene wogulitsa wanu adzakhale ali chiimire pambali ndi tebulo lake.

Za nthawi yojambula tazilingalira mofatsa chifukwa nyanja ili ndi malamulo ake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, ndipo sitingaike kamera ndi mwana wa eni pa bwato mafunde ali choncho. Usipa nawo umaphedwa mwezi ukakhala mumdima, pakuti kukakhala kuwala kwa mwezi nsomba sizilabadira nyale ndipo asodzi ambiri amapuma. Tasankha masiku asanu ndi limodzi, pa 7 mpaka pa 12 Okutobala, pamene nyanja imakhala bata, mwezi uli mumdima, mvula isanayambe. Tikaphonya masiku amenewo tidzalowa m'nyengo ya mvula ndi yotseka usodzi wa makoka ena, yomwe imayamba pa 1 Novembala. Kulumikiza zithunzi ndi kukonza mawu kudzatha pofika kumapeto kwa Januwale 2027, ndipo ulendo wokaonetsa m'madoko udzakhala mu Epulo, mvula ikamakata, ana a Sitandade 8 ali pakalikiliki kukonzekera mayeso.

Ndalama zonse zofunika ndi K25,000,000, ndipo zagawidwa motere:

Kubwereka kamera, magalasi ake, magetsi ndi zojambulira mawu, masiku 6 pa K450,000: K2,700,000
Malipiro a anthu 9 ogwira ntchito kuseri kwa kamera: K4,800,000
Ochita sewero akuluakulu 4 ndi anthu a m'mudzi 20: K2,300,000
Boti la injini, mabwato, alovi ndi majekete oyandamitsa: K1,600,000
Galimoto ndi mafuta, Blantyre kupita ku Msaka ndi kubwerera: K2,400,000
Malo ogona ndi chakudya, anthu 15, masiku 8 pa K25,000: K3,000,000
Zilolezo ndi inshuwalansi: K900,000
Kulumikiza zithunzi, kukonza mawu ndi mitundu, nyimbo, ndi mawu olembedwa m'munsi: K3,200,000
Kuonetsa m'madoko 8 pa K350,000 doko lililonse: K2,800,000
Zogwa mwadzidzidzi: K1,300,000
Zonse pamodzi: K25,000,000

Zinthu ziwiri pamndandandawu mwina zingakudabwitseni. Choyamba ndi K1,600,000 ya boti ndi alovi. Mlovi amene tamutenga usiku wa mdima wataya tsiku lake la ndalama, ndiye tiyenera kumulipira molingana ndi zomwe akanapeza, osati kungomupatsa ya sopo. M'ndalama yomweyo muli boti lachiwiri lomwe ntchito yake ndi kungoyandama pafupi ndi osambira awiri odziwa bwino, nthawi yonse imene wochita sewero ali pamadzi. Pamenepa sitichotsapo ngakhale tambala. Chachiwiri ndi zilolezo. Msaka ndi umodzi mwa midzi yomwe ili mkati mwa Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, choncho tifunika chilolezo cha nthambi ya zanyama zakutchire ndi mapaki. Filimu ikatha iyenera kupita ku bungwe la boma lounika mafilimu isanaonetsedwe kugulu, ndipo tidzailembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Amfumu ndi komiti ya padoko tinakhala nawo pansi kale ndipo anatilandira, anangopempha kuti filimuyo idzayambe kuonetsedwa kuno isanapite kwina kulikonse. Tinavomera.

Sitikubwera chimanjamanja. Pa K25,000,000 ija tapeza kale K8,000,000. Tasonkha K3,500,000 kuchokera ku ntchito zojambula maukwati ndi zinkhoswe kwa zaka ziwiri. Eni kamera atidulira theka la mtengo, zomwe ndi K1,350,000. Mnzathu wolumikiza zithunzi wasiya K1,650,000 pa malipiro ake, ndipo mwini malo ogona alendo wina watipatsa zipinda za mtengo wa K1,500,000. Yotsala ndi K17,000,000, ndipo ndi imene tikupempha. Tikupemphanso nyale zanu 40, zisanu pa doko lililonse, zokapereka ku sukulu ya pulayimale yapafupi kuti ana a Sitandade 8 azibwerekana powerenga madzulo.

Ndalamazi musatipatse zonse kamodzi. Tikupempha K8,000,000 tikasainirana mgwirizano, K5,000,000 mukaona ndi maso anu zomwe tajambula, ndi K4,000,000 filimu ikatha, tisananyamuke ulendo wa m'madoko. Gawo lililonse tidzabweretsa malisiti ndi lipoti la mmene ndalama zayendera, ndipo wowerengera ndalama wanu ali ndi ufulu woona mabuku athu tsiku lililonse.

Kampani yanu idzapindula motere. Dzina ndi chizindikiro chanu zidzaoneka zokha kumayambiriro kwa filimu, ndiponso kumapeto, pa mapositala ndi pa chinsalu choonetsera. Sitidzalola kampani ina yogulitsa nyale, mabatire kapena zipangizo za sola kulowa nawo mu ntchitoyi. Nyale ya m'nkhani, ija banja likukanganirana, idzakhala yanu, yooneka monga imaonekera m'nyumba ya munthu, yokandikakandika ndi yomangidwa kachingwe. Pa masiku omwewo tidzakujambulirani padera makanema atatu otsatsa malonda, a masekondi 30 aliyense, omwe adzakhale anu kotheratu kuti muwagwiritse ntchito pa wailesi ya kanema, pa Facebook kapena pa WhatsApp. Tidzakupatsaninso zithunzi 30 zojambulidwa bwino za padoko ndi m'mudzi, eni ake atavomereza polemba.

Phindu lalikulu, mmene ndikuonera ine, lili pa ulendo wa m'madoko. Tidzaonetsa ku Msaka, Chembe, Monkey Bay, Malembo, Makawa, Senga Bay, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, kwaulere, pabwalo, dzuwa likangolowa, pamasiku a mwezi wowala pamene asodzi ali kumtunda. Tikuyembekezera anthu osachepera 300 pamalo alionse, ndipo tidzawerenga ndi kukuuzani nambala yeniyeni, kaya yaposa kaya yachepa. Filimu ikatha, wogulitsa wanu adzapatsidwa mphindi 10 kuti aonetse nyale, afotokoze mitengo ndi njira yolipira pang'onopang'ono, ndi kulemba maina a ofuna kugula. Awa ndi anthu ogwira ndalama m'manja pafupifupi m'mawa uliwonse usipa ukatuluka, ndipo chikwangwani cha pa msewu wa Chipembere sichiwafika.

Pambuyo pake filimu tidzaipereka ku ma wailesi a kanema a m'dziko muno, tidzaiika pa YouTube, ndipo tidzalola anyamata okopera mafilimu m'mafoni kuti aifalitse kwaulere, chizindikiro chanu chili pomwepo. Tidzaitumizanso ku zikondwerero za mafilimu za ku Zanzibar ndi ku Durban. Sindingakulonjezeni kuti idzasankhidwa, chifukwa zimenezo zili m'manja mwa oweruza, koma mafilimu a Amalawi anapambanapo mphoto za Africa Magic Viewers' Choice mu 2016 ndi 2018, ndiye njirayo ena anaipita kale. Umwini wa filimu udzakhala wa gulu lathu, koma inu mudzakhala ndi ufulu woionetsa pa zochitika zanu kwa zaka zitatu popanda kulipira kanthu.

M'envelopu muno taikamo sewero lonse lolembedwa, masamba 16, tsatanetsatane wa ndalama, kalata ya amfumu, ndi fulashi yokhala ndi ntchito zathu ziwiri zam'mbuyo. Mulinso kachidutswa ka mphindi imodzi komwe tinajambula poyesa, ka mtsikana amene adzakhale Chisomo akuwerenga pakhonde nyale za asodzi zili kumbuyo kwake. Ngati nthawi yakuchepererani, yambani mwaona kameneko.

Tikupempha mutipatse theka la ola kuti tidzakumane nanu ku ofesi yanu mwezi uno usanathe. Kuti tisungitse kamera ndi boti pa nthawi yake, yankho lanu tikulifuna pofika pa 31 Julaye. Ndidzafika ndekha ku ofesi yanu Lachiwiri pa 16 Juni m'mawa kudzamva kwa mlembi wanu tsiku limene mungatilandire.

Ine wanu modzichepetsa,

Wolemba ndi wotsogolera filimu ya "Nyale Imodzi",
m'malo mwa gulu lonse.