Dongosolo la Phunziro: Kuyeza Kuthamanga kwa Magazi

Kalasi: anamwino a chaka choyamba, ophunzira 24. Nthawi: mphindi 90. Zipangizo: makina opopa ndi dzanja 12, zomvetsera kugunda kwa mtima, malamba a mkono aakulu ndi apakatikati.

Poyamba (mphindi 15): ndifunsa tanthauzo la 120/80. Nambala yapamwamba ndi mphamvu ya magazi mtima ukamapopa, yapansi ukamapuma.

Chionetsero (mphindi 25): apa ndichedwapo, chifukwa zolakwika zambiri zimayambira pokonzekeretsa wodwala. Apume kaye mphindi 5 atakhala pansi, msana atatsamira, miyendo osapingasa, ndipo asayankhule. Mkono ukhale pa tebulo molingana ndi mtima, wopanda malaya. Lamba wochepa pa mkono wonenepa amakweza nambala, munthu n'kuyamba mankhwala osafunikira. Ophunzira agwire mtsempha wa padzanja, apope mpaka kugunda kusiye, awonjezere 30, kenako aphwetse pang'onopang'ono, 2 kapena 3 pa sekondi. Kugunda koyamba kumveka ndiye nambala yapamwamba; pomwe kwathera ndiye yapansi.

Kuyeserera (mphindi 40): awiriawiri, aliyense ayeze mnzake kawiri, pakati padutse mphindi imodzi. Alembe zomwe amva, 134 asaisandutse 130. Chizolowezi chimenechi ndimachiona kawirikawiri m'mawodi ndipo chimandidetsa nkhawa.

Kuwunika (mphindi 10): mayi woyembekezera wapezeka ndi 160/110, mutu ukumupweteka. Muchita chiyani? Ndikufuna kumva kuti aitana dokotala nthawi yomweyo.