Achimwene, za ndalama ija ya feteleza

Achimwene,

Muli bwanji kumudziko? Alamu ndi ana ali bwanji? Ife kuno ku Kawale tili bwino, kungoti mphepo ya Ogasiti yatipatsa chimfine nyumba yonse. Mbatata munatumiza pa basi ija tinalandira, ana anaimaliza masiku atatu okha. Muwathokoze alamu.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndimalephera. Lamlungu lija tinacheza mpaka mayunitsi kutha, za mwendo wa amayi, za mbuzi inasowa ija, koma nkhani imene ndinakuimbirani sindinaitchule n'komwe. Pa chinkhoswe cha ku Santhe ndinafunanso kukukokerani pambali, ndiye ndinaona anthu achuluka, ndinangoti ayi, nkhani ya m'nyumba sitikambira pa gulu.

Ndi za K300,000 ija munatenga mu Januwale, fodya atayamba kuchita chikasu feteleza wobereketsa mulibe. Tinagwirizana kuti mudzabweza mukagulitsa ku Chinkhoma. Msika unatsegulidwa mu Epulo, ine ndinakhala chete, podziwa kuti mabelo oyamba ndalama yake imathera kwa atenanti, kwa a mathiraki ndi ngongole ya kampani. Ndinamvanso kuti mabelo ena anabwezedwa kawiri. Tinakulira m'chigafa limodzi, ndiye sindikuganiza kuti mukundizemba ayi.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinakuuzeni nthawi ija, mwina ndinalakwitsa. Ndalama ija sinali yongokhala m'nyumba. Ndinakaitenga ku banki m'khonde kwathu kuno, ndipo kumeneko salola kuti ngongole igone. Itakwana miyezi itatu amayi anzanga anayamba kundiyang'ana ndi diso lina tikakhala pa mkeka Lachisanu, ndiye ndinatapa pa mpamba wa geni n'kubweza yonse, pamodzi ndi chiwongoladzanja cha K60,000. Kuyambira pamenepo sindinatsegulenso belo langalanga. Juni ndi Julayi, anthu akulimbirana majekete ndi majuzi, ine ndimangotola zotsala m'mabelo a anzanga n'kumaika ya pamwamba pang'ono. Benchi langa mukaliona panopa mukhoza kuseka, zovala zake n'zowerengeka ngati za pa chingwe choyanikira.

Chiwongoladzanjacho musachiwerengere. Ndinasankha ndekha kukakongola, inu simunandituma. Ndikupempha imene munatenga yokhayo.

Chandifulumizitsa n'chakuti sukulu zikutsegulira mu Seputembala. Nthawi imeneyi makolo amafuna nsapato zakuda ndi zikwama za ana, ndipo ndikapeza belo limodzi la nsapato mwezi uno usanathe, geni ikhoza kudzukanso. Komanso mwana wanga wamkulu uja akupita Fomu 3, akufunika fizi ndi yunifomu yatsopano, yakale ija mikono yafika m'zigongono. Bambo a kunyumba kuno andifunsapo kawiri za ndalamayi. Sanakalipe, mukuwadziwa mmene alili, amangoti, "Kodi alamu fodya anagulitsa?" Ine ndimayankha kuti akudikira ndalama ilowe ku banki. Yankho limeneli latha ntchito tsopano.

Sindikunena kuti mupereke yonse kamodzi. Mukanakwanitsa K150,000 pofika pa 25 Ogasiti, ine ndiwonjezera kanga kochepa n'kukaoda. Yotsalayo muzitumiza K50,000 pa mwezi mpaka Novembala, isanafike nthawi yoti mugulenso feteleza, chifukwa ikafika imeneyo tonse tikudziwa kuti m'thumba simukhala kanthu. Mutumize pa Airtel Money pa nambala yanga yomweyi, yochotsera ndilipira ndekha. Ngati ndalama yavutiratu, chimanga ndilandiranso. Kuno ufa tikugula wa pa msika, ndiye matumba angapo tikhoza kuwerengera pa mtengo wa kumeneko n'kuchotsera pa ngongoleyo.

Ndipo ngati zonsezi sizitheka, ingondiuzani mmene zinthu zilili. Kuli bwino ndidziwe kuti ndidikire mpaka mwezi wakuti kusiyana n'kumangoyang'ana foni ikalira. Chimene sindikufuna n'chakuti muyambe kuopa kundiimbira chifukwa cha ndalama. Ndaona kuti masiku ano amene amayamba kuimba ndine, pomwe kale Loweruka silimadutsa musanandifunse za ana. Sindinaiwale kuti chaka chimene bambo anatisiya munagulitsa njinga yanu kuti ine ndilembe mayeso a Fomu 4, ndipo tsiku lina mukadzapanikizikanso mudzabwere kwa ine ndithu.

Amayi sindinawauze, ndipo sindiwauza. Ndi BP yawo ija asamve kuti ana awo akukambirana za ngongole. Alamu kaya munawauza kaya ayi, zimenezo ndasiyira inu.

Ndiimbireni Loweruka madzulo ndikaweruka ku msika, cha m'ma 7 koloko. Mundiuzenso ngati mankhwala opaka a amayi aja atha, kuti ndigule ena ndipatsire wa basi.

Ndine mlongo wanu,
wa ku Kawale