Tebulo lobwerezera mayeso: Chikhristu, Chisilamu, Chihindu ndi chipembedzo cha makolo

Anzanga a m'gulu lathu lowerengera la Giredi 12 kuno ku Chipata, nali tebulo lija. Ndalitenga m'mutu umene aphunzitsi a Zachipembedzo anatigawira, wokamba za Mulungu, chipulumutso ndi imfa. Mutuwo umafotokoza chipembedzo chimodzi mpaka kumapeto kenako n'kuyamba china, pomwe funso la mayeso limafuna kuti tiziyerekeze pa nkhani imodzi. Ndiye mzere uliwonse muziuwerenga chopingasa, kuchoka kumanzere kupita kumanja.

| Nkhani | Chikhristu | Chisilamu | Chihindu | Chipembedzo cha makolo (Achewa) |
|---|---|---|---|---|
| Mulungu | Mmodzi mwa atatu: Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera | Allah, mmodzi yekha, sanabale, sanabadwe (Sura 112) | Buramani, gwero la zonse, amaonekera mwa Burama, Vishinu, Shiva ndi ena | Chauta, Namalenga, Mphambe, Mlengi mmodzi, mwini mvula |
| Yesu | Mwana wa Mulungu. Anafa pamtanda ndi kuuka | Isa, mneneri wobadwa mwa namwali Mariamu. Sanapachikidwe (Sura 4:157) | Sali m'chiphunzitso chawo | Sali m'chiphunzitso chawo |
| Gwero la chiphunzitso | Baibulo: mabuku 66, kwa Akatolika 73 | Korani ya masura 114, ndi Hadisi, zonena ndi zochita za mneneri Muhamadi | Maveda anayi, Maupanishadi, Bagavadi Gita | Nthano, miyambi, nyimbo, chinamwali |
| Vuto la munthu | Tchimo, kuyambira pa Adamu | Kusamvera Allah. Mwana amabadwa wopanda tchimo | Umbuli ndi karima, yomwe ndi zotsatira za zochita za munthu. Izi zimamumangirira ku kubadwanso | Kuswa mwambo, kukwiyitsa mizimu, ufiti |
| Njira yotulukira | Chisomo cha Mulungu mwa Khristu | Kugonjera Allah, nsanamira zisanu, chifundo chake | Nzeru, ntchito zoyenera kapena kudzipereka kwa mulungu | Kupepesa, kuthira nsembe, kukonza ubale |
| Pambuyo pa imfa | Kuuka, chiweruzo, moyo wosatha kapena chilango | Kuuka, chiweruzo, Paradizo kapena moto | Atimani, mzimu wa munthu, imabadwanso mpaka itapeza mokisha, kumasuka ku kubadwanso | Munthu amakhala mzimu woyang'anira mbumba |
| Kopembedzera | Tchalitchi | Mzikiti | Kachisi ndi guwa la m'nyumba | Kachisi, patsinde pa mtengo, kumanda |

Tebulo limafupikitsa zinthu, ndipo pofupikitsapo ndi pamene bodza limalowera. Lamulo limene ndatsata ndi ili: chilichonse chili m'bokosi chikhale choti mwini chipembedzocho atachiwerenga avomere kuti ndi zimene amakhulupiriradi. Mnzathu amene amakaswali Lachisanu kumzikiti wa m'tauni asapeze m'danga la Chisilamu zimene Akhristu amanena za Asilamu, apezemo zimene Asilamu amaphunzitsa.

Mzere woyamba ndi umene umagwetsa anthu. Kulemba kuti makolo athu ankapembedza mizimu ngati milungu n'kulakwa. Mizimu ndi amkhalapakati. Mvula ikakana, akuluakulu ankathira nsembe ya ufa kapena mowa kuti mizimu ikawadandaulire kwa Chauta, chifukwa wopereka mvula ndi Chauta yekha. Izi zimandikhudza, poti ambirife tinakulira m'matchalitchi amene anatiphunzitsa kuona za makolo ngati mdima wokhawokha, ndiye cholembera chimathamangira komweko. Amishoni a Dachi atafika ku Magwero mu 1899 sanapeze anthu osadziwa Mlengi. Anapeza anthu okhala kale ndi nthano ya Kaphirintiwa, pamene amati Chauta anatsitsira anthu oyamba ndi nyama, mapazi awo n'kudinda pathanthwe. Mukafuna chitsanzo cha lero chosonyeza kuti mwambo udakalipo, tchulani Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambiki amasonkhana mu Ogasiti pamaso pa Kalonga Gawa Undi, kapena Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni mu Febuluwale, yothokoza chifukwa cha zipatso zoyamba za m'munda.

Chihindu nachonso si nkhani yongoti "milungu yambiri" basi. Ahindu ambiri amaphunzitsa kuti Buramani ndi mmodzi, ndipo Burama wolenga, Vishinu wosunga ndi Shiva wowononga ndi maonekedwe ake. Koma musawafanizire ndi Utatu Woyera ngati chinthu chimodzi. Kufanana kwake ndi kwa nambala chabe.

Pa Yesu, kumbukirani kuti Chisilamu sichimukana. Chimamulemekeza ngati mneneri wamkulu, chimavomereza kuti anabadwa mwa namwali ndiponso kuti anachita zozizwitsa. Chimene chimakana ndi umulungu wake ndi imfa ya pamtanda. Akhristu anatsimikiza za umulunguwo pa msonkhano wa ku Nikea mu 325, ponena kuti Mwana ndi wa chikhalidwe chimodzi ndi Atate. Zaka za Muhamadi zoyenera kusunga pamtima ndi izi: anabadwira ku Maka cha m'ma 570, anasamukira ku Madina mu 622, pamene kalendala ya Chisilamu imayambira, ndipo anamwalira mu 632. Nsanamira zisanu ndi shahada yomwe ndi kuvomereza chikhulupiriro, swala kasanu patsiku, zakati yomwe ndi chopereka chothandizira osauka, kusala m'mwezi wa Ramadani ndi ulendo wa haji wopita ku Maka kwa amene angathe.

Bokosi la Chikhristu pa njira yotulukira ndalisiya lalifupi dala. Akatolika amatsindika chisomo chobwera kudzera m'masakramenti asanu ndi awiri ndi chikhulupiriro choonekera m'ntchito. A Rifomedi amati munthu amalungamitsidwa ndi chikhulupiriro chokha, ndipo masakramenti awo ndi awiri, ubatizo ndi mgonero. A Sabata, ngati a ku Mwami, amaphunzitsa kuti akufa ali m'tulo mpaka Yesu adzabwerenso, ndiye pa mzere wa imfa amasiyana ndi enawa. Funso likangoti Akhristu, lembani zimene onse amagwirizana. Likatchula mpingo, pamenepo m'pamene mutulutse kusiyanaku.

Tsono mzere wa imfa. Funso limakonda kubwera motere: "Yerekezani chiphunzitso cha Chihindu ndi cha makolo pa za moyo wa pambuyo pa imfa." Msampha wake ndi woti kwathu mwana amapatsidwa dzina la agogo amene anamwalira, ndiye wina amalemba kuti nafenso timakhulupirira kubadwanso. Yankho langa lingakhale ili:

"Zipembedzo zonse ziwiri zimaphunzitsa kuti imfa si mapeto a munthu, ndiponso kuti khalidwe la munthu ali moyo lili ndi zotsatira akamwalira. Koma kwa Ahindu atimani imachoka m'thupi limodzi n'kulowa m'thupi lina molingana ndi karima yake, ndipo cholinga ndi kumasuka ku kubadwabadwaku, kumene ndiko mokisha. Kwa Achewa womwalira amalowa m'gulu la mizimu ya makolo miyambo ya maliro ikatsatidwa bwino, ndipo amapitiriza kukhala wa pabanjapo: amateteza, amachenjeza kutulo, amalanga akaiwalidwa. Mwana wolandira dzina lake amasunga chikumbukiro ndi ubalewo, koma mzimuwo umakhalabe pakati pa makolo. Mhindu amafuna kutuluka m'moyo wobwerezabwereza, pomwe Mchewa amafuna kukhalabe womangika ku mbumba yake."

Onani kuti ndayamba ndi zofanana, kenako zosiyana, ndipo sindinanenepo kuti cholondola n'chiti. Wochonga sakufunsa za mpingo wanu.

Mizere ya ukwati ndi ya utsogoleri sindinaiike, chifukwa ili m'mutu wotsatira. Amene munatenga mutu umenewo mubwere nayo Loweruka masana, m'madanga anayi omwewa, kuti tidzailumikize pansi pa tebuloli.