Pempho la kafukufuku wa chaka chomaliza: Mitundu ya zikumbu za ndowe m'nkhalango, m'mabulugama, m'madambo ndi m'minda ya chimanga ku Dzalanyama

Loperekedwa ku komiti yoona za kafukufuku wa ophunzira, LUANAR, Bunda

Chiyambi

Ng'ombe imodzi imagwetsa ndowe kangapo pa tsiku, koma m'nyengo ya dzinja ndowe zambiri za kubusa sizikhalitsa pamtunda. Zimakumbiridwa pansi ndi zikumbu za m'gulu la Scarabaeinae, zomwe padziko lonse zilipo mitundu pafupifupi 6,000, ndipo gawo lalikulu ndithu limapezeka kuno ku Africa. Zikumbuzi zimagwira ntchito m'njira zitatu. Zina zimaumba kampira ka ndowe n'kukakunkhuniza kukakakwirira patali, monga Kheper, Gymnopleurus ndi Sisyphus. Zina zimakumba una pansi penipeni pa mulu wa ndowe n'kumatsitsiramo chakudya cha mphutsi zake, monga Onthophagus, Onitis, Copris, Catharsius ndi Heliocopris. Zotsalazo, monga Oniticellus, zimakhala ndi kuswana m'kati mwa mulu momwemo.

Ndowe zikalowa pansi, chonde chimafika ku mizu msanga, madzi a mvula amapeza mauna olowera, ndipo ntchentche ndi njoka za m'mimba mwa ziweto zimasowa poswanirana. Dziko la Australia linaona kufunika kwa zimenezi litazisowa. Ng'ombe zinafika kumeneko mu 1788, koma zikumbu za komweko zinazolowera ndowe zouma za kangaru, choncho ndowe za ng'ombe zinkangoumira pamsipu ndipo ntchentche zinachuluka. Kuyambira 1965 mpaka 1985 bungwe la boma lofufuza za sayansi la CSIRO, pa ntchito yomwe anaiyambitsa George Bornemissza, linaitanitsa zikumbu kuchokera kunja, zambiri mwa izo za kum'mwera kwa Africa. Iwo anazigula ndi ndalama ndi zaka makumi awiri. Ife tili nazo kale, ndipo funso langa ndi lakuti kagwiritsidwe kathu ka malo kakuzisunga kapena kakuzitha.

Vuto lomwe ndikufuna kufufuza

Nkhalango ya Dzalanyama inakhazikitsidwa ngati yotetezedwa mu 1922, ndipo kumeneko ndi komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umamwetsa mzinda wathu. Kuotcha makala kwadya mbali zambiri za nkhalangoyi, mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015. Munthu akayenda kuchokera m'kati mwa nkhalango kulowera ku Mitundu amadutsa miombo, minda ya mitengo yobzala, madambo odyetsera ng'ombe, kenako minda ya chimanga, zonse pamtunda woti njinga yamoto imatha m'mawa umodzi. Mvula ndi kutentha m'malo amenewa sizisiyana kwambiri, ndiye chifukwa chake ndasankha dera limeneli. Zikumbu zikasiyana, chifukwa chachikulu chiyenera kukhala mmene malowo akugwiritsidwira ntchito.

Kafukufuku wophatikiza zotsatira za m'maiko ambiri otentha, yemwe Nichols ndi anzake anasindikiza mu 2007, anaonetsa kuti mitundu ya zikumbu za ndowe imachepa pamene nkhalango yasanduka msipu kapena malo opanda mitengo. Koma zambiri mwa nkhalango zomwe anaziunika ndi zowirira zamvula yambiri. Miombo ndi yosiyana: dzuwa limafika pansi, mitengo imayoyola masamba m'chilimwe, ndipo zikumbu zambiri za kuno zinazolowera malo otseguka kuyambira kale, pamene kunali njati ndi njovu. N'kutheka kuti dambo la ng'ombe lili ndi zikumbu zochuluka kuposa nkhalango yomwe nyama zake zinatha ndi misampha. Ngati zili choncho, kungotenga zotsatira za kwina n'kuziika pa Dzalanyama kungatisocheretse.

Palinso china chomwe ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa kuwerenga mitundu. Chikumbu chimodzi cha Heliocopris chimakwirira ndowe zomwe tizikumbu tating'ono ta Onthophagus tambirimbiri sitingathe. Malo angathe kukhala ndi zikumbu zikwizikwi koma zazikulu zitatha, ndipo mlimi amataya pamenepo. Choncho sindidzalekera pa mndandanda wa maina, ndidzayesanso kuchuluka kwa ndowe zomwe zimachotsedwa.

Zolinga ndi zomwe ndikuyembekezera

Cholinga chachikulu ndi kuyerekeza mitundu, kuchuluka ndi ntchito ya zikumbu za ndowe m'malo anayi: miombo yosadulidwa kwambiri, munda wa mabulugama, dambo lodyetsera ziweto, ndi minda ya chimanga ya alimi ang'onoang'ono. Ndikufuna kudziwa mitundu yopezeka pamalo alionse, mmene magulu atatu aja komanso kukula kwa zikumbu kumasinthira, ndiponso ngati kusinthako kukugwirizana ndi kuchuluka kwa ndowe zokwiriridwa.

Ndikuyembekezera kuti miombo idzakhala ndi mitundu yambiri, dambo lidzakhala ndi zikumbu zochuluka koma za mitundu yochepa, ndipo m'minda ya chimanga zikumbu zazikulu zokumba zidzakhala zosowa, popeza khasu limatembenuza nthaka chaka ndi chaka n'kuphwanya zisa. Pa mabulugama ndikuganiza kuti padzakhala posauka kuposa ponse chifukwa pansi pake pamamera msipu wochepa ndipo nyama sizidyerapo kawirikawiri.

Njira za kafukufuku

Pa mtundu uliwonse wa malo ndidzasankha magawo atatu otalikirana kilomita imodzi kapena kupitirira, kuti onse akhale 12. M'gawo lililonse ndidzatchera misampha isanu pamzere wowongoka, yotalikirana mamita 100. Larsen ndi Forsyth mu 2005 ananena za mamita 50, koma Silva ndi Hernández mu 2015 anapeza kuti pamafunika 100 kuti msampha usalande zikumbu za unzake, ndipo ndatsata iwowa. Misampha yonse idzakhala 60.

Msampha wake ndi wosavuta. Ndi kachidebe ka pulasitiki ka malita awiri kokwiriridwa mpaka kukamwa kwake kulingane ndi nthaka, m'kati muli madzi amchere othira sopo pang'ono. Pamwamba ndidzapachika nyambo ya magalamu 100 yokulunga m'kansalu, ndipo mbale ya pulasitiki yoimikidwa pa timitengo idzatchinga mvula. Nyambo idzakhala ndowe za ng'ombe zosakaniza theka ndi theka ndi za nkhumba, chifukwa fungo la ndowe za nkhumba limakoka mitundu yambiri. Ndidzazitenga kwa ziweto zomwe sizinalandire mankhwala a njoka za m'mimba kapena a nkhupakupa kwa milungu isanu ndi umodzi. Ichi n'chofunika: Wall ndi Strong anaonetsa mu 1987 kuti ndowe za ng'ombe zopatsidwa mankhwala a njoka za m'mimba a aivamekitini zimakhala ndi tizilombo tochepa ndipo zimachedwa kuola. Nyambo yonse ya ulendo umodzi idzasakanizidwa pamodzi kuti msampha uliwonse ulandire zofanana.

Misampha idzakhala maola 48, ndipo nyambo ndidzaisintha pakatha maola 24 kuti zikumbu zouluka usiku ndi zamasana zonse zipeze fungo latsopano. Ndidzatchera katatu, mu Disembala mvula itakhazikika, mu Febuluwale, ndi kumayambiriro kwa Epulo. M'chilimwe zikumbu zambiri zimakhala pansi, kotero kutchera nthawi imeneyo kungakhale kuononga mafuta.

Poyesa ntchito ya zikumbu, m'gawo lililonse ndidzaika milu itatu ya ndowe za ng'ombe ya magalamu 500, ndi mulu wachinayi wophimbidwa ndi neti pansi ndi pamwamba kuti zikumbu zisaufike. Pakatha maola 48 ndidzatola zotsala, kuziumitsa mu uvuni wa kulabotale, n'kuziyeza. Mulu wophimbidwa udzandithandiza kusiyanitsa kulemera komwe kwachoka ndi zikumbu ndi komwe kwachoka pazifukwa zina. Kuyesa kumeneku kudzachitika misampha itazulidwa, kuti ziwirizi zisalimbirane zikumbu. Pamsampha uliwonse ndidzalembanso kuchuluka kwa mthunzi wa mitengo, kulimba kwa nthaka, ngati ndi yamchenga kapena yadongo, ndi milu ya ndowe yooneka pafupi.

Zikumbu zidzasungidwa mu ethano wa 70 peresenti, kenako ndidzazisanja pa maikulosikopu. Onthophagus ndiye adzandivutitsa, popeza ali ndi mitundu yoposa 2,000 padziko lonse ndipo yambiri imafanana kwambiri. Zomwe sindidzatha kuzitchula mpaka dzina lenileni ndidzazipatsa manambala potengera maonekedwe, n'kusunga zitsanzo zobayidwa pa mapini kuti katswiri adzathe kuzitsimikiza. Zikumbu khumi za mtundu uliwonse ndidzaziumitsa ndi kuziyeza kuti ndipeze kulemera kwake.

Kusanthula zotsatira

Ndidzagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta ya R. Kusiyanasiyana kwa mitundu ndidzakuwerengera ndi fomula ya Shannon, H' = −Σ pi ln pi, pomwe pi ndi gawo la zikumbu zonse lomwe ndi la mtundu i, ndipo phukusi la R la iNEXT lidzandionetsa ngati misampha yagwira gawo lokwanira la mitundu yomwe ilipo. Poona ngati magulu a zikumbu akusiyana pakati pa malo anayiwa ndidzagwiritsa ntchito phukusi la R la vegan:

```
adonis2(zikumbu ~ malo, data = magawo, method = "bray")
```

Misampha isanu ya gawo limodzi ndidzaiphatikiza n'kuiwerenga ngati chinthu chimodzi. Kuiwerenga payokhapayokha kungachititse zotsatira kuoneka zamphamvu kuposa mmene zilili. Ndikudziwa kuti magawo atatu pa mtundu uliwonse ndi ochepa, ndipo kusiyana kwakung'ono sikudzaoneka, koma ndiwo ndingakwanitse ndi nthawi ndi ndalama zomwe zilipo.

Zovuta zina, ndi chilolezo

M'dzinja ziweto sizilowa m'minda, zimakusidwa kudambo kapena kumangidwa. Ndiye zikumbu zikasowa m'chimanga, chifukwa chingakhale khasu kapena kusowa kwa ndowe, ndipo kafukufukuyu sangalekanitse ziwirizi kotheratu. Kuwerenga milu ya ndowe kudzathandizako, pamodzi ndi kufunsa eni ziweto 20 za komwe amadyetsa ndi mankhwala omwe amagwiritsa ntchito. Ndidzawafunsanso maina omwe amatchulira zikumbuzi, kuti lipoti la alimi lidzalembedwe ndi mawu awo.

Chilolezo cholowera m'nkhalango ndidzapempha ku Dipatimenti ya Zankhalango. Kumidzi ndidzadzera kwa alangizi a zaulimi ndi kwa mafumu ndisanakumbe dzenje ngakhale limodzi, chifukwa mlendo wokwirira zidebe m'munda mwa eni ake amadzutsa mafunso, ndipo mzere wa mamita 400 udzadutsa minda ya mabanja angapo. Ndidzalemba ganyu achinyamata awiri a m'deralo kuti azithandiza kukumba ndi kuyang'anira misampha kuti agalu ndi nkhumba zisaifukule. Misamphayi imapha zikumbu, n'chifukwa chake sidzapitirira maola 48 pa ulendo, ndipo zidebe zidzazulidwa, maenje n'kufotseredwa.

Nthawi ndi ndalama

Okutobala ndi Novembala ndi wa zilolezo, kusankha magawo ndi kuyesa misampha khumi pafamu ya Bunda. Ntchito yakutchire ndi kuyambira Disembala mpaka Epulo, kusanja zikumbu kudzayamba ulendo woyamba ukangotha, ndipo lipoti ndidzapereka kumapeto kwa Juni. Ulendo uliwonse udzatenga pafupifupi masiku khumi, popeza magawo 12 sangatcheredwe tsiku limodzi ndipo misewu ya ku Dzalanyama imavuta mvula ikagwa.

Ndikupempha K1,450,000. Mwa ndalamazi, K700,000 ndi ya mayendedwe, K300,000 ya othandiza awiri, K280,000 ya zidebe, neti, ethano, mabotolo ndi mapini, ndipo K170,000 ya kusindikiza lipoti ndi tsamba limodzi la m'Chichewa lomwe ndidzakasiye kwa alangizi ndi mafumu a midzi yomwe ndagwiramo ntchito. Uvuni, sikelo ndi maikulosikopu ndikupempha kubwereka kulabotale ya dipatimenti.