Tadala, za mayeso a Lachisanu zija

Tadala,

Uthenga wako wa usiku uja ndinauwerenga nthawi yomweyo, ndipo ndikudziwa kuti unaona kuti ndauwerenga koma osayankha. Pepa. Sikunali kukunyalanyaza ayi. Ndimafuna ndigone nayo kaye nkhaniyi, chifukwa si iwe munthu woti ndingokuyankha mawu awiri n'kutseka foni.

Zoti ndizikutumizira mayankho pa WhatsApp mayeso ali mkati, sinditha mnzanga. Kaya kujambula zomwe zili pa kompyuta yanga, kaya kungokulembera zilembo za mayankho monga unanenera, zonsezo sindichita. Ndati ndikuuze lero Lachiwiri, nthawi ikadalipo, kusiyana n'kuti udzazindikire Lachisanu 10 koloko mayeso atayamba kale, iwe maso ali pa foni kudikira ine.

Ndikuululire chinthu china. Usikuwo maganizo oyamba amene anandibwerera anali oti ndingovomera, kenako pa tsikulo ndizimitse foni, madzulo ndidzati netiweki inandivuta. Bwenzi utakhulupirira, poti netiweki imavutadi. Koma zikanatanthauza kuti masiku atatu onsewa ukanakhala osawerenga podalira ine, n'kudzakusiya pa mphindi yomaliza ulibe pogwira. Nditaziganizira ndinachita manyazi. Bola undikwiyire lero chifukwa ndakuuza zoona.

Sindikukuona ngati waulesi kapena munthu wa likasa. Chiyambire chaka choyamba takhala tikulemba limodzi mayeso, sindinakumvepo ukupempha zotere. Ndikudziwa kuti milungu itatu yonse ija unali kuchipatala kudwazika mayi, ukugona pampando, ndipo mitu iwiri yovuta kwambiri ya sitatisitikisi inaphunzitsidwa iwe kulibe. Aliyense akanakhala iwe akanagwidwa mantha. Sindinaiwalenso kuti chaka chatha laputopu yanga itafa kutatsala masiku anayi kuti tipereke ntchito, iwe unandibwereka yako, ntchito yakoyo n'kumailembera pa foni mpaka usiku. Ndiye pamene unalemba kuti mnzako akapsa ndevu mzimire, mawuwo anandilasa, chifukwa zangazo unandizimiradi. Ndikufuna kukuthandiza, ndipo ndikuthandiza. Koma osati mwa njira imeneyi.

Chifukwa chachikulu n'changa ndekha. Tisanayambe mayeso aliwonse timavomereza mawu aja oti zomwe tilembe ndi zathuzathu ndipo sitithandizidwa kapena kuthandiza wina. Ambiri amangodina osawerenga, koma ine ndikadina ndimakhala kuti ndalonjeza. Ndiye ndilonjeze 10 koloko, pakangotha mphindi zisanu n'kuyamba kukutumizira mayankho? Mtima wanga sungandilole. Ngakhale utanditsimikizira kuti palibe angadziwe, yankho langa likhala lomweli. Ndimaganiziranso anzathu ena a m'kalasi. Pali Mphatso amene amagwira ntchito usana wonse n'kumawerenga usiku, ndipo mayeso apitawa anapereweza malikisi awiri okha. Iye adzakhala yekha Lachisanu ndi mutu wake basi. Ndingadzamuyang'ane bwanji Lolemba ngati ife awiri tachita zathu kumbali?

Unati poti ndi mayeso a pa intaneti, aliyense ali kwawo, palibe woyang'anira. Pamenepa ndikuona kuti ukudzinamiza, ndipo ndikuopa kuti ungapite kukapempha wina ukuganiza kuti n'zosavuta. Kumbukira zomwe aphunzitsi ananena pa mayeso oyeserera aja. Pa Moodle, pulogalamu imene timalemberapo mayesowa, mafunso amatengedwa mu nkhokwe yaikulu, aliyense n'kupatsidwa ake mosakaniza. Funso langa la nambala 7 likhoza kukhala lako la nambala 23, kapena osapezeka n'komwe kwa iwe. Mayankho osankha aja nawonso amasinthanitsidwa malo, moti chomwe chili B kwa ine chikhoza kukhala D kwa iwe. Ndipo mafunso owerengetsera, mawu amakhala omwewo koma manambala osiyana. Ine ndi Mphatso tinafananiza titamaliza oyeserera aja: funso la avereji linali limodzi, koma manambala ake sanali anga. Ndiye ndikanati ndikutumizire zilembo, ndikanakhala ndikukupatsa mayankho olakwika, iwe n'kumawalemba ndi mtima wonse.

Nthawinso siilola. Mafunso ndi 40, mphindi ndi 60. Funso lililonse lili ndi mphindi imodzi ndi theka basi, ndipo ena mwa iwo amafuna kuwerengetsera papepala. Kuti iwe ujambule funso lako, unditumizire, ine ndisiye langa, ndiwerengetsere lako, ndikubwezere, ndiye kuti tonse awiri sitifika n'komwe pa funso la 25. Iwe umandidziwa, ine pa mayeso ndine wochedwa, ndimamaliza wotchi itatsala pang'ono kutseka.

Komanso kusakhalapo kwa munthu woyendayenda m'chipinda sikutanthauza kuti palibe chikuoneka. Makinawa amasunga nthawi imene munthu watsegula mayeso, imene wayankha, imene wasintha yankho. Ndipo chimene chimagwiritsa anthu kawirikawiri si mayankho okhoza, koma olakwa mofanana. Anthu awiri akakhoza funso limodzi palibe chodabwitsa. Koma akalakwitsa mafunso omwewo, molakwitsa mwake momwemo, pa nthawi zoyandikana, mphunzitsi aliyense amadzidzimuka. Malamulo a sukulu tinawerenga tonse: wopereka ndi wolandira mlandu wawo ndi umodzi. Kulephera mayeso amodzi kuli ndi pobwerera, munthu amalembanso. Koma mlandu wobera mayeso umalowa mu failo, ndipo ukhoza kutichotsetsa sukulu tonse awiri. Tangoganiza, mayi angotuluka kumene m'chipatala, iwe n'kukawauza nkhani ngati imeneyo. Nanenso kwathu akuvutika kuti ndikhale pano, sindingaike zonsezo pachiswe chifukwa cha ola limodzi.

Tsono tamvera zomwe ndingachite.

Lero lomwe lembera aphunzitsi. Usadikire mawa. Uwauze mwachidule masiku amene unajomba ndi chifukwa chake, uphatikizepo kalata ya kuchipatala ija, n'kuwafunsa ngati n'kotheka kuti ulembe tsiku lina kapena upatsidwe mwayi wina. Sindingakulonjeze kuti avomera. Koma pempho lotere limamveka likafika mayeso asanalembedwe, likafika pambuyo limaoneka ngati chodzikhululukira. Ndikudziwa umachita manyazi kufotokoza za kunyumba kwa anthu, koma apa palibe chochititsa manyazi, unali kusamala mayi ako. Ngati mawu akukusowa, lemba momwe ungathere unditumizire, tikonzere limodzi.

Kaya avomera kaya akana, madzulo a lero, mawa ndi Lachinayi ndi ako. Kuyambira 7 koloko mpaka 9, kapena kupitirira ngati mutu ukadali bwino. Manotsi anga onse a milungu itatu ija ndawajambula kale, ndikutumizira ndikangomaliza uthengawu. Zolemba zanga n'zokhotakhota, pomwe sipakuwerengeka uzingondifunsa.

Ndipo usadziderere, Tadala. Ukuti palibe chomwe ukudziwa, koma si zoona. Mitu itatu yoyambirira unalipo, ndipo za avereji ndi nambala yapakati zija unandimvetsetsa ndiwe. Ukukumbuka? Ine ndinkangoti zonse n'chimodzimodzi, iwe n'kundilembera 2, 3, 3, 4, 18 kuseri kwa kope, n'kunena kuti ndipeze zonse ziwiri. Avereji inatuluka 6, yapakati 3. Unandifunsa kuti mwa ziwirizi ndi iti ikunena zoona za gulu limeneli, poti manambala anayi mwa asanuwo sakufika n'komwe pa 6. Kuyambira tsiku limenelo sindinasokonezenso, ndipo ndikaona nambala imodzi yaikulu ikukoka avereji ndimakumbuka 18 wako uja. Munthu wofotokoza chonchi sangalephere mitu iwiri ngati atakhala nayo pansi madzulo atatu.

Mutu wachinayi, wa kumwazikana kwa manambala, umaopsa pongouona chifukwa cha zizindikiro, koma njira yake ndi imodzi yomweyo nthawi zonse. Upeze avereji, uchotse averejiyo pa nambala iliyonse, chotsalacho uchichulukitse ndi chomwecho, uphatikize zonse, ugawe. Pomwe ambiri tinagwa m'kalasi ndi pogawapo: ngati manambalawo ndi a gulu lonse umagawa ndi `n`, kutanthauza kuchuluka kwa manambalawo, koma ngati ndi ochepa chabe otapidwa m'gulumo umagawa ndi `n - 1`. Funso limanena lokha ngati uliwerenga modekha. Tikachita zitsanzo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi lero, mawa udzakhala ukuchita wekha. Wachisanu, wa mwayi woti chinthu chichitike, ndi umene nanenso ukundizunguza, ndiye kumeneko tikhala tikuthandizana, si kuti ine ndikhala mphunzitsi ayi. Lachinayi tidzabwereze mayeso oyeserera aja, aliyense payekha, titatchera wotchi mphindi 60, kenako tidzaone pomwe tagwa.

Pa tsikulo, funso likakukanika usakakamirepo, lidumphe udzalibwerere. Ndipo usadikire mphindi yomaliza kuti udine Submit all and finish, siya mphindi ziwiri kapena zitatu kuopa netiweki. Ine foni yanga idzakhala yozimitsa kuyambira mayeso asanayambe mpaka 11 koloko itakwana. Ndikukuuziratu kuti ukadzaona mauthenga sakufika usadzaganize kuti ndakutsekera. Ndimachita choncho pa mayeso aliwonse.

Zomwe unandipemphazi zathera pakati pa iwe ndi ine, sindiuza munthu. Ndikungokupempha chimodzi, usapite nazo kwa wina. Alipo amene angavomere msangamsanga, koma zinthu zikadzavuta dzina loyamba kutchulidwa lidzakhala lako.

Mwina wakhumudwa, ndipo ngati wakhumudwa ndikumvetsa. Ukhoza kundiuza mosabisa, sindikwiya. Koma 7 koloko ndiimba ndithu. Ukonzeretu kope, cholembera ndi kakyuleta, tiyambira pa mutu wachinayi. Ngati bandulo yakuthera undiuze masana ano ndikugawireko.

Mayi adzuka bwanji lero? Ayamba kuyenda okha? Uwapatse moni wanga.

Ndine mnzako,
Yamikani