Lamulo la thirayango: kupeza malire a |a + b|

Chizindikiro |a| chimatiuza kukula kwa nambala a, kutanthauza mtunda wake kuchokera pa 0 pamzere wa manambala, osasamala kuti ili kumanja kapena kumanzere. Choncho |7| = 7, komanso |−7| = 7. Lamulo la thirayango likuti pa manambala awiri alionse a ndi b,

|a + b| ≤ |a| + |b|

Dzinali lidachokera ku thirayango yeniyeni: mbali imodzi siingatalike kuposa ziwiri zinazo zitaphatikizidwa. Pamzere wa manambala ganizani za munthu amene waponda mapazi 7 kupita kutsogolo kenaka n'kubwerera mapazi 3. Wayenda mapazi 10, koma waima pa mapazi 4 okha kuchokera pomwe adayambira: |7 + (−3)| = 4, pomwe |7| + |−3| = 10. Akadapanda kubwerera, n'kupitiriza chamtsogolo, mbali ziwirizi zikadafanana. Zimafanana pokhapokha a ndi b zikakhala ndi chizindikiro chimodzi, kapena imodzi mwa izo ikakhala 0.

Umboni wake ndi waufupi. Nambala iliyonse a imakhala pakati pa −|a| ndi |a|, choncho −|a| ≤ a ≤ |a| komanso −|b| ≤ b ≤ |b|. Tikaphatikiza mizere iwiriyi timapeza −(|a| + |b|) ≤ a + b ≤ |a| + |b|, ndipo lamulo lija ndi lomweli. Manambala akachuluka timangolibwereza: |a + b + c| ≤ |a| + |b| + |c|.

Tsopano funso. Tapatsidwa kuti |x| ≤ 2. Pezani nambala M yoti |x³ − 4x + 5| ≤ M.

Tidula zigawo zitatu, chilichonse pachokha:

|x³ − 4x + 5| ≤ |x³| + |−4x| + |5| = |x|³ + 4|x| + 5 ≤ 8 + 8 + 5 = 21

M = 21 ndi yankho lolondola. Taonani zimene zachitikira −4x. Chizindikiro chochotsera chalowa m'kati mwa timizere tija n'kuthera momwemo. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amapunthwa: amalemba |a − b| ≤ |a| − |b|, poganiza kuti kuchotsera kuyenera kukhalabe kuchotsera. Yesani a = 1, b = 3. Kumanzere mupeza 2, kumanja −2, ndiye mukunena kuti 2 ≤ −2. Cholondola ndi |a − b| ≤ |a| + |b|, chifukwa a − b ndi a + (−b), ndipo |−b| = |b|.

Komabe 21 ameneyu musamukhulupirire kupitirira zimene walonjeza. Akuti kukula sikudzamupitirira. Sakunena kuti kudzamufika. Kuti tipeze 21, zigawo zonse zitatu zikadayenera kukhala ndi chizindikiro chimodzi zili pachimake, zomwe sizichitika. Pa x = 2 tili ndi 8 − 8 + 5 = 5. Pa x = −2 tili ndi −8 + 8 + 5, yemwenso ndi 5. Zigawo ziwiri zoyambazo zimafafanizana, koma lamulo la thirayango siliona zimenezo chifukwa tidazilekanitsa tisanaziyeze. Kukula kwenikweni sikufika ngakhale pa 9: pachimake, pomwe x = −2/√3, ndi pafupifupi 8.08.

Mukafuna malire othina, sungani limodzi zigawo zofafanizanazo. Lembani x³ − 4x = x(x² − 4). Popeza x² ali pakati pa 0 ndi 4, |x² − 4| ≤ 4, ndiye |x³ − 4x| ≤ 2 × 4 = 8, ndipo

|x³ − 4x + 5| ≤ 8 + 5 = 13

Lamulo ndi lomwe lija, tangosintha podula. Kodi kuvutikaku n'kofunika? Kawirikawiri ayi. Ngati umboni ukungofuna kusonyeza kuti malire alipo, 21 akukwana, ndipo ine ndingalembe ameneyo n'kupitirira.

Kumene lamuloli limagwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi pa miyeso yosakwanira ndendende. Tinene kuti |x − 3| < 0.1 ndipo |y − 5| < 0.2. Kodi x + y angatalikire bwanji 8? Gawani 8 kukhala 3 ndi 5:

|x + y − 8| = |(x − 3) + (y − 5)| ≤ |x − 3| + |y − 5| < 0.3

Malire a pansi nawonso amatuluka m'lamulo lomweli. Lembani a = (a + b) − b, mupeza |a| ≤ |a + b| + |b|, kutanthauza |a + b| ≥ |a| − |b|. Pa |x| ≤ 2, izi zikutipatsa |20 + (x³ − 4x)| ≥ 20 − 8 = 12, choncho nambala imeneyi siingakhale 0, ndipo mutha kugawa nayo mopanda mantha.