Sipanala ya 15 (nyimbo yotsanzikana ndi agogo)

(Oyimba ndi adzukulu. Amene ali ndi mawu aakulu atsogole, enafe tizivomera. Chonde isakokedwe, iziyenda ngati njinga yomasuka mabuleki potsetsereka, eniake ankadana nazo nyimbo zokokakoka.)

POYAMBIRA

Mtsogoleri: Akufwenthera ndani kumbuyoko?
Onse: Palibe, ndi chimfine chabe
Mtsogoleri: Paja agogo anati chani?
Onse: Anati ndikadzapita musadzandisokose
Mtsogoleri: Nanga tipange bwanji?
Onse: Tiwanene basi, poti lero sangatiyankhe

NDIME 1

Munabadwa 1939, mwanyamuka muli ndi zaka 86
mano anu omwe aja, kupatula awiri amene munathyola poluma waya, ndipo mpaka lero mumati wolakwa anali wayayo
sukulu munalekeza panjira koma masamu a mtayala palibe anakuposani
mumati masipokosi ndi 36, werenga bwino mwana iwe, akasowa amodzi limu imadziwa
munayamba kugwira sipanala ndevu zisanamere
mwaisiya ndevu zitayera mbuu
zikhadabo zanu sitinazionepo zoyera agogo, ngakhale pa chithunzi cha ukwati chija girizi akuoneka

KOLASI

Palasani agogo, palasani
tcheni munathira oyilo, matayala munapopa nokha
chitunda mwakwera osatsika, pano ndi potsetsereka
Palasani agogo, palasani
belu imbani kamodzi tidziwe kuti mwakhota
ife tatsala kuno, tikusakabe sipanala ya 15

NDIME 2

Pansi pa mtengo uja ndi pamene panali ofesi yanu
beseni la madzi akuda bii, pampu yomanga ndi mphira, chitini cha manati osafanana
munthu akabwera akukankha njinga thukuta kamukamu, inu osamupatsa ndi moni komwe
moni mumayamba mwapatsa njingayo
kenako mumamuyang'ana mwiniwake nkumufunsa kuti inakulakwirani chani kuti muziizunza chonchi
chubu mumachipopa pang'ono nkuchimiza m'madzi, pang'onopang'ono mukuchizunguza
pomwe patuluke timathovu pomwepo mwabaya chala, mwati wabodza uja ndi uyu
mumapala ndi sandipepa, mumapaka guluu, ndiye nkukhala pansi kuyamba nkhani
kasitomala mtima uli m'mwamba, mataniponi chigambacho ndikuchedwa
inu mumati guluu wamuwisi sagwira, dikirani ayambe kunanda, mukathamanga mudzabweranso mawa ndipo ndidzakutchajani kawiri

Mtsogoleri: Anabweranso?
Onse: Anabweranso
Mtsogoleri: Anawatchaja kangati?
Onse: Kawiri, samanama agogo

(Kolasi)

NDIME 3

Tisanamizepo anthu pano, amene abwerawa akukudziwani
munali amakani agogo, makani osaphwanyika ndi hamala
mawu oti pepani pakamwa panu sanatulukepo, mwina mumaopa kuti akutsamwani
mukamulakwira munthu mumangodzuka m'mamawa nkumukonzera chinthu chimene sanakupempheni
atidzuke apeza chitseko chasiya kulira, chidebe chasiya kudontha, nsapato yasokedwa
ndiye kuti nkhani yatha imeneyo, aliyense azidziwa yekha
mowa munamwapo, eya munamwadi, mpaka munagona mu ngalande njinga ili pamwamba panu
1978 munausiyiratu tsiku limodzi, osalumbira osauza munthu
atakufunsani chifukwa chake munati botolo silinandikonzerepo kanthu
ndi achimwene anu munakhala zaka 4 osayankhulana, nkhani yake ya pampu, pampu yeniyeniyi
atadwala munapalasa usiku wonse kukawaona, mutafika munayambiranso ya pampu ija
munakangana mpaka kucha, anachira

Mumati pedulo ya kumanzere imamasuka mosemphana ndi inzake, ukaipotoza ngati zinazo umangoimangitsa
ife tinazindikira mochedwa kuti mumadzinena nokha
tikati agogo khalani pansi mumaimirira
tikati chabwino imani choncho, mumakoka mpando

(Kolasi)

NDIME 4 (oyimba ndi atsikana, anyamata muziwomba m'manja basi)

Agogo aakazi ali apo, afunseni adzakuuzani
1963 munawakweza pa keliyala nkuwauza kuti gwiritsani, mabuleki ndi akutsogolo okha
anagwiritsadi, zaka 62 osatayilira
munagwa nawo kawiri pa mchenga, kawiri konse munayamba mwadzutsa njinga
nkhani imeneyi sinathe mpaka sabata yathayi, amakukumbutsanibe muli pa bedi
ana 7, adzukulu 23, adzukulutuvi 9 ndi wina ali m'njira
mayina athu mumawasokoneza dala, aliyense anali iwe uja
iwe uja bweretsa pulayala, iwe uja chotsa phazi pa chubu, iwe uja amako akudziwa kuti uli kuno?
koma tsiku lotsegulira sukulu mumadziwa bwinobwino amene alibe nsapato
atsikanafe munatiphunzitsa kubwezeretsa tcheni chikagwa, anthu akuseka kuti ntchito ya amuna iyo
inu munati tcheni sichifunsa kuti wavala chani, chimangogwa
chishalo mumachigwira kumbuyo mukuthamanga nafe, ndagwira ndagwira usacheuke
titacheuka tinakuonani muli kutali uko manja ali m'thumba mukuseka
zipsera za m'maondo tili nazo tonse, ndiye sitampa yanu imeneyo

Mtsogoleri: Amene ali nacho chipsera akweze mkono
Onse: Tonse takweza
Mtsogoleri: Anakupepesani?
Onse: Anati dzuka, njinga yavulala

(Kolasi)

NDIME 5

Kutaya chinthu kwa inu unali mlandu
chubu chakutha chimasanduka malamba, sipokosi yothyoka imasanduka chotokosera, tayala lakale mumadula nkukhala nsapato
wayilesi ija inamangidwa ndi mphira malo atatu, mabatire mumayanika padzuwa ati apezeko mphamvu
tinakugulirani yatsopano, munaisunga mu katoni momwemo kuti idikire inzake ife kaye
inzakeyo ilipobe, ikulira mpaka pano
foni tinakupatsani, mumaiyankha mokuwa ngati munthuyo ali kutsidya kwa mtsinje
mukamaliza osaidula, timakumvani mukutinena kwa agogo aakazi mpaka mayunitsi kutha
limu ikapindika ena amati gulani ina, inu mumaiika pa foloko nkuizunguza, diso limodzi mwatsinzina
ikapendekera uku mumamanga sipokosi ya mbali inayo, pang'ono chabe, kenako kuzunguzanso
ola lathunthu osayankhula, fodya wa m'mphuno yekha
ana anu akayambana mumachitanso chimodzimodzi, wokuwa uja mumamusiya, mumapita kukakhala ndi amene wangoti zii uja

(Apa ng'oma ndi magitala zitsike, mmodzi ayankhule, enafe tizing'ung'udza kolasi pansipansi)

Kuchipatala anthuni musamve zoti agogo anagona phee ngati odwala ena ayi, tsiku lachiwiri lomwe anayamba kudandaula kuti wilitcheya imene amawakwezapo ikulira tayala lakumanja ndipo iwo sangakwere chinthu cholira ngati mbewa anthu akuona, anatuma mwana kunyumba kukatenga oyilo ndi pulayala, anesi kuletsa iwo osamva, drip ili pamkono akukonza. Inasiyadi kulira. Kenako anesi aja anabweretsa ina. Ndiye ngati mumadikira kuti tikuuzeni mawu awo omaliza ozama, pepani, anati tsekani windo udzudzu ukulowa, kenako anagona. Windo tinatseka.

NDIME 6

Dzana tikusesa pa mtengo paja tapeza kope lanu la ngongole
chikuto chakuda ndi girizi, masamba opindika m'makona, zilembo zanu zija zokhala ngati nyerere zaledzera
mayina mbwee, ena ali pompano akuyang'ana pansi, musaope sitiwerenga
wina chigamba, wina mabuleki, wina tcheni chathunthu kuyambira 1994
ambiri munawakhwatcha ndi mzere umodzi, koma ndalama yake sitinaione ikulowa m'nyumba
pambali munalemba zifukwa zake
uyu mkazi wake akudwala, uyu ana ambiri, uyu ndi chitsiru sangabweze ndatopa naye
ndiye poyera mumatchuka kuti ndinu owumira, inu nkumakondwa nayo mbiriyo
mumati ikadziwika zoti ndine wofewa ndigona ndi njala

Mtsogoleri: Angongole muli pano?
Onse: Alipo, akhala kutsogolo
Mtsogoleri: Abweze kapena asabweze?
Onse: Anyamule nawo bokosi, tikhala tathana

(Kolasi, kawiri, kachiwiriko mokweza)

NDIME YOMALIZA (woyimba ndi mdzukulu wachisanu, yekha)

Tsopano nkhani ya sipanala ija, poti yavuta m'banja muno kuyambira 2009
sipanala ya 15, yomasulira manati a tayala, chogwirira chake chosalala ndi dzanja lanu
itasowa munafunsa nyumba yonse, munakhuthula chitini, munakayikira aneba, munakayikira ndi abusa omwe amene anangodutsa kudzapereka moni
Khirisimasi iliyonse tisanadye mumayamba mwafunsa, amene anatenga sipanala yanga alipo pano?
tonse maso pansi, ine maso pansi kwambiri
ndinali ndi zaka 11 agogo, ndimafuna kumasula tayala la njinga ya mnzanga kuti andione ngati katswiri
nati inakana, ndinaopa kubweza, ndinaibisa kudenga
chaka chinatha, manyazi anakula kuposa sipanalayo
ndinapita nayo ku sekondale, ndinapita nayo ku ntchito, ndakwatira nayo
lero ndabwera nayo, iyi ili m'thumba la jeketeli, ndimati ndiiponye mwakachetechete anthu asanaone
koma kope lija ndalitsegula tsamba lomaliza
pali dzina langa, lolembedwa bwinobwino, osati iwe uja
pambali pake, sipanala 15, 2009, sanabweze
ndipo ili lokha simunalikhwatche

Mtsogoleri: Ankadziwa?
Onse: Ankadziwa kalekale
Mtsogoleri: Nanga amafunsiranji chaka ndi chaka?
Onse: Amafuna akuone ukutuluka thukuta
Mtsogoleri: Ndiye ndiwapatse kapena ndisunge?
Onse: Funsa agogo aakazi

(Agogo aakazi akayankha, kaya ayankha zotani, tonse tilowe kolasi yomaliza tikuyenda)

Palasani agogo, palasani
tcheni munathira oyilo, matayala munapopa nokha
chitunda mwakwera osatsika, pano ndi potsetsereka
Palasani agogo, palasani
belu imbani kamodzi tidziwe kuti mwakhota
sipanala yapezeka, wakuba wagwidwa
koma pampu ija achimwene anu akuti ndi yawo, mukakambirane konko